Tebulo la Routh: kudziwa ngati makina adzakhazikika popanda kufunafuna mizu

Makina odziwongolera okha amagwira ntchito mozungulira. Sensa imayeza chimene chikuchitika, chowongolera chimayerekeza muyesowo ndi chimene chikufunika, kenako chimalamula mota kapena valavu kuti ikonze kusiyanako, ndipo sensa imayezanso. Umu ndi mmene gavana wa tebaini amasungira magetsi pa mahetsi 50 m'malo opangira magetsi monga Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire: liwiro likatsika amatsegulira madzi ambiri, likakwera amawachepetsa. Vuto n'lakuti kukonzako kumafika mochedwa pang'ono. Kukakhala kwamphamvu kwambiri kumapyola pamalo ofunika, kukonza kotsatira n'kupyolanso mbali inayo. Zimafanana ndi wakabaza amene wanyamula thumba la chimanga, njinga ikapendekera kumanzere iye n'kukhotetsa mopitirira kumanja, kenako mopitiriranso kumanzere. Ngati kugwedezeka kotere kukucheperachepera mpaka kutha, makinawo ndi okhazikika. Ngati kukukulirakulira, ndi osakhazikika, ndipo mathero ake ndi kuzima kapena kuwonongeka kwa chipangizo.

Injiniya safunika kudikira kuti makina amangidwe kuti adziwe mbali imene adzagwere. Khalidwe la makina otere limalembedwa m'masamu, ndipo masamuwo akasanjidwa bwino pamatsala polinomiyo imodzi, imene ndi mndandanda wa mapawa a chilembo `s`, pawa iliyonse ili ndi nambala yake kutsogolo. Manambala a kutsogolowo amatchedwa makoefishenti, ndipo amachokera ku zinthu zogwirika monga kulemera kwa gudumu, kulimba kwa sipuling'i, kuchedwa kwa mota ndi mphamvu ya chowongolera. Mizu ya polinomiyo ndi manambala amene akaikidwa m'malo mwa `s` yankho limakhala ziro.

Muzu uliwonse umaimira kayendedwe kamodzi kamene makinawo amachita akakankhidwa n'kusiyidwa. Kawirikawiri muzu umalembedwa `a + jb`. Gawo la `b` limanena liwiro la kugwedezeka, pamene gawo la `a` limanena ngati kayendedweko kakuzilala kapena kakukula. `a` akakhala pansi pa ziro kamazilala, akakhala pamwamba pa ziro kamakula. Mizu ikajambulidwa pa pepala la galafu, ya `a` wapansi pa ziro imagwera kumanzere kwa mzere woima wapakati, ya `a` wapamwamba pa ziro imagwera kumanja. Choncho lamulo n'lachidule: makina ndi okhazikika pokhapokha mizu yonse ili kumanzere. Muzu umodzi wokha wa kumanja ndi wokwanira kuwononga zonse, chifukwa mayendedwe ena onse akazilala kake kamatsala kakukulabe.

Kupeza mizu ya polinomiyo ya digiri 2 n'kosavuta, ndipo ophunzira a sekondale amaidziwa fomula yake. Pa digiri 3 ndi 4 mafomula alipo koma ndi aatali ndi otopetsa. Kuyambira pa digiri 5, Niels Henrik Abel anasonyeza mu 1824 kuti palibe fomula yotere imene ingagwire pa polinomiyo iliyonse. Koma funso la kukhazikika silifuna kudziwa malo enieni a muzu uliwonse. Limangofuna kudziwa kuti kumanja kuli mizu ingati, ndipo yankho limenelo limapezeka m'makoefishenti okha.

Kumene njirayi inachokera

Mu 1868 James Clerk Maxwell analemba pepala lotchedwa On Governors, lofufuza chifukwa chimene magavana ena ankagwedezeka m'malo mosunga liwiro. Anapeza lamulo la polinomiyo ya digiri 3, ndipo anasiyira akatswiri a masamu funso la madigiri onse. Amene analiyankha anali Edward John Routh, yemwe anabadwira ku Quebec mu 1831 ndipo anaphunzitsa masamu ku Cambridge. Awiriwa ankadziwana kale, popeza pa mayeso a masamu a ku Cambridge mu 1854 Routh anakhala woyamba, Maxwell wachiwiri. Routh anapambana mphoto ya Adams mu 1877 ndi nkhani yake ya kukhazikika kwa kayendedwe, ndipo m'menemo ndi mmene muli njira ya tebulo.

Ku Zurich, injiniya Aurel Stodola anakumana ndi funso lomweli pofufuza kawongoleredwe ka matebaini a madzi. Analipereka kwa mnzake wa masamu Adolf Hurwitz, amene anafalitsa yankho lake mu 1895 asakudziwa za ntchito ya Routh. Njira ya Hurwitz imagwiritsa ntchito maditeminanti, ya Routh imagwiritsa ntchito tebulo, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ziwirizi zimanena chinthu chimodzi. N'chifukwa chake mabuku amatchula mayina onse awiri, ngakhale kuti wowerengera pamanja pafupifupi aliyense amasankha tebulo.

Kuyang'ana koyamba, ndi chifukwa chake sikukwanira

Tebulo lisanayambidwe, makoefishenti amayang'anidwa kaye. Ngati mizu yonse ili kumanzere, polinomiyo imakhala yopangidwa ndi zidutswa monga `(s + 2)` kapena `(s² + s + 4)`, zimene manambala ake onse ndi a pulasi. Kuchulukitsa zidutswa zotere sikungabale mainasi, ndiponso sikungasiye pawa ina ikusowa. Motero koefishenti imodzi ikakhala ya mainasi pamene zina ndi za pulasi, kapena pawa ina ikasowa pakati, nkhani yathera pomwepo: si mizu yonse imene ili kumanzere. Ngati zonse ndi za mainasi, polinomiyo yonse imachulukitsidwa ndi −1, zimene sizisuntha muzu uliwonse.

Pa digiri 1 ndi 2 kuyang'ana kumeneku n'kokwanira. Kuyambira pa digiri 3 sikukwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Polinomiyo iyi ilibe mainasi ndipo palibe pawa yosowa:

```
s⁴ + 2s³ + 3s² + 10s + 8
```

Komabe makina ake ndi osakhazikika, monga tebulo lisonyezere.

Kamangidwe ka tebulo

Tebulo limakhala ndi mzere umodzi pa pawa iliyonse, kuyambira yaikulu kutsika mpaka `s⁰`. Polinomiyo ya digiri 4 imapatsa mizere isanu. Mizere iwiri yoyamba safunika kuiwerengera, amangokopera makoefishenti modumphitsa. Woyamba umatenga koefishenti yoyamba, yachitatu ndi yachisanu, amene pano ndi 1, 3 ndi 8. Wachiwiri umatenga yachiwiri ndi yachinayi, 2 ndi 10, ndipo malo otsala amadzazidwa ndi ziro.

Mzere uliwonse wotsatira umachokera ku mizere iwiri imene ili pamwamba pake. Nambala yoyamba ya mzere woyandikana nawo ndiyo yogawira mzere watsopano wonse. Pofuna nambala ya malo enaake, amatenga manambala anayi: awiri a m'kolamu yoyamba, ndi awiri a m'kolamu yotsatira kumanja kwa malo amene akudzazidwawo. Anayiwo amachulukitsidwa mopingasa. Kuchulukitsa kumayambira pansi kumanzere kukwera kumanja, kenako n'kuchotsapo cha pamwamba kumanzere kutsika kumanja, zotsala n'kuzigawa ndi yogawira ija.

```
p   q
r   t      nambala yatsopano = (r×q − p×t) / r
```

Pa mzere wa `s²`, yogawira ndi 2. Nambala yoyamba ndi `(2×3 − 1×10) / 2`, yomwe ndi −2. Yachiwiri imatengera kolamu yoyamba ndi yachitatu, `(2×8 − 1×0) / 2`, yomwe ndi 8. Pa mzere wa `s¹` mizere yogwiritsa ntchito ndi wa `s³` ndi wa `s²`, ndipo yogawira tsopano ndi −2. Kuwerengera kwake ndi `(−2×10 − 2×8) / −2`, kutanthauza −36 kugawa ndi −2, yankho 18. Mzere womaliza umapatsa 8.

```
s⁴ |   1    3    8
s³ |   2   10    0
s² |  −2    8
s¹ |  18    0
s⁰ |   8
```

Tebulo likatha, chowerengedwa ndi kolamu yoyamba yokha, ndipo chofunika mmenemo si kukula kwa manambala koma zizindikiro zake. Kutsika nayo kolamu, nthawi iliyonse imene chizindikiro chasintha kuchoka pa pulasi kupita pa mainasi, kapena pa mainasi kubwerera pa pulasi, pamawerengedwa muzu umodzi wa kumanja. Pano kolamu ili 1, 2, −2, 18, 8. Pali mainasi mmodzi yekha koma kusintha kulipo kuwiri: kuchoka pa 2 kufika pa −2, ndi kuchoka pa −2 kufika pa 18. Mizu ya kumanja ndi iwiri. Ophunzira ambiri amawerenga mamainasi m'malo mowerenga kusintha, n'kuyankha kuti umodzi.

Yankholi lingatsimikizidwe, chifukwa polinomiyo imeneyi ndi `(s + 1)(s + 2)(s² − s + 4)`. Zidutswa ziwiri zoyamba zimapatsa mizu −1 ndi −2, ya kumanzere. Chachitatu chimapatsa `0.5 + j1.94` ndi `0.5 − j1.94`, yonse iwiri ya kumanja. Mainasi wa m'chidutswa chachitatu anamezedwa pochulukitsa, n'chifukwa chake sankaoneka m'makoefishenti. Tebulo lamuvumbula ndi kuchulukitsa ndi kugawa kochepa chabe.

Pali zinthu ziwiri zothandiza kugwira cholakwa. Nambala ya mzere womaliza iyenera kufanana ndi koefishenti yomaliza ya polinomiyo. Ikasiyana, penapake pasokonekera. Chachiwiri, kusinthanitsa dongosolo la kuchotsera, kuyamba ndi `p×t` m'malo mwa `r×q`, kumatembenuza chizindikiro cha mzere wonse ndipo yankho limakhala labodza ngakhale manambala akuoneka abwino. Pofuna kupewa mafulakishoni, mzere wonse ungachulukitsidwe kapena kugawidwa ndi nambala ya pulasi popanda kusintha yankho, koma osati ndi ya mainasi. Wochita zimenezi azikumbukira kuti nambala ya mzere womaliza ikhoza kusintha kukula kwake.

Pamene koefishenti ina sinadziwike

Lero kompyuta imapeza mizu ya polinomiyo ya manambala okhaokha m'kanthawi kochepa, ndipo tebulo likanakhala la ntchito imeneyo yokha bwenzi litaiwalika. Limakhalabe m'mabuku a uinjiniya chifukwa limalola chilembo kulowa m'malo mwa nambala. Yankho lake silikhala lakuti inde kapena ayi, koma malire onse amene chinthu chosinthidwa chingayendemo.

Chitsanzo ndi mota imene imazunguza valavu kuti iime pa ngodya imene yalamulidwa. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, koma kapangidwe kake n'kofala. Mota ili ndi kuchedwa kuwiri: kwa kulemera kwa zozungulira, theka la sekondi, kumene kumapatsa chidutswa `(s + 2)`, ndi kwa mbali ya magetsi, masekondi 0.2, kumene kumapatsa `(s + 5)`. Popeza chimene mota imapereka ndi liwiro pamene chofunika ndi ngodya, pamabweranso `s` wapayekha. Chowongolera chimachulukitsa kusiyana kwa ngodya ndi nambala `K`, imene injiniya ayenera kusankha. Muyeso wa sensa ukabwezedwa ku chowongolera, polinomiyo imakhala `s(s + 2)(s + 5) + K`, yomwe ikatambasulidwa ndi `s³ + 7s² + 10s + K`. Kuiwala kuphatikiza `K` ndi cholakwa chofala: polinomiyo yopanda `K` ndi ya mota yokha isanalumikizidwe ku chowongolera, ndipo siyankha funso limene lafunsidwa.

```
s³ |  1            10
s² |  7             K
s¹ |  (70 − K)/7    0
s⁰ |  K
```

Kuti chizindikiro chisasinthe, mzere womaliza ukufuna kuti `K` akhale pamwamba pa ziro, ndipo mzere wa `s¹` ukufuna kuti akhale pansi pa 70. Pakati pa 0 ndi 70 makina ndi okhazikika. `K` akafika pa 84, mwachitsanzo, mzere wa `s¹` umakhala −2, kusintha kumakhala kuwiri, ndipo valavu imagwedezeka mokulirakulira. `K` akakhala wa mainasi, monga zimachitikira mawaya a sensa akalumikizidwa mozondoka, kusintha kumakhala kumodzi kokha, pa mzere womaliza. Muzu umodzi wa kumanja wopanda mnzake sukhala ndi gawo la `j`, choncho valavu sigwedezeka koma imangothamangira mbali imodzi mpaka kukagunda malire ake. Kuwerenga kusinthako kumapereka chithunzi cha mtundu wa vuto limene lidzaoneke.

Mzere wa `s¹` uli ndi lamulo lija la Maxwell la digiri 3: makoefishenti awiri apakati akachulukitsidwa ayenera kuposa awiri akunja akachulukitsidwa. Pano 7 kuchulukitsa ndi 10 ayenera kuposa 1 kuchulukitsa ndi `K`.

Chifukwa chimene 70 watulukira chingaonekenso mwa njira ina, imene imasonyeza chimene tebulo limachita mkati mwake. Mizere iwiri yoyamba imagawa polinomiyo pawiri: mapawa osagawika ndi 2 mbali imodzi, `s³ + 10s`, ndi ogawika ndi 2 mbali ina, `7s² + K`. Pa mzere wapakati uja, pamene `s = jω`, mbali yoyamba imakhala ziro pa `ω = 0` ndi pa `ω² = 10`, yachiwiri imakhala ziro pa `ω² = K/7`. Polinomiyo yokhazikika imafuna kuti maziro a mbali ziwirizi azisinthana, la mbali iyi kenako la mbali inayo, osadumphana. Ndiye kuti `K/7` ayenera kukhala pakati pa 0 ndi 10, omwe ndi malire omwe aja. Mzere uliwonse wa tebulo ndi zotsala pogawa mzere wina ndi unzake, ngati mmene amachitira pofuna nambala yaikulu yogawa manambala awiri, ndipo zizindikiro za m'kolamu yoyamba zimanena ngati kusinthanako kwasungidwa. Routh anamanga umboni wake pa ntchito ya Sturm ndi Cauchy.

Ziro akatulukira

Popeza nambala yoyamba ya mzere ndiyo yogawira mzere wotsatira, ziro akatulukira pamenepo tebulo limaima. Zimachitika mwa mitundu iwiri, ndipo tanthauzo lake n'losiyana.

Mtundu woyamba ndi pamene nambala yoyamba yokha ndi ziro koma mumzerewo muli ina imene si ziro. Polinomiyo `s⁴ + 2s³ + 3s² + 6s + 5` imachita zimenezi pa mzere wa `s²`, chifukwa `2×3 − 1×6` ndi ziro, pamene nambala yachiwiri ndi 5. Njira yodziwika ndi kuika kanambala kakang'ono kwambiri ka pulasi, kolembedwa `ε`, m'malo mwa ziroyo n'kupitiriza. Mzere wa `s¹` umakhala `6 − 10/ε`, ndipo popeza `ε` ndi kakang'ono zedi, `10/ε` ndi nambala yaikulu imene imakokera yankho pansi pa ziro. Zizindikiro zimakhala pulasi, pulasi, pulasi, mainasi, pulasi, kusintha kuwiri, mizu iwiri ya kumanja. Njira ina yaukhondo ndi kulemba makoefishenti chobwerera, 5, 6, 3, 2, 1, n'kumanganso tebulo. Kutero kumatembenuza muzu uliwonse kukhala 1 kugawa ndi muzuwo, koma muzu wa kumanja umakhalabe kumanja. Kolamu yoyamba ya tebulo latsopanolo ndi 5, 6, 4/3, −2.5, 1, ndipo kusintha n'kuwiri komweko. Kwa wongofuna kudziwa ngati makina ndi okhazikika, ziro yekhayo wayankha kale kuti ayi. Kupitiriza kumangothandiza kudziwa chiwerengero.

Mtundu wachiwiri ndi pamene mzere wonse ndi maziro okhaokha, ndipo umenewu ndi wopindulitsa kuumvetsa. Pa mota ija umachitika `K` akakhala 70 ndendende. Mzere wa maziro umasonyeza kuti pali mizu yoyang'anizana, umodzi ndi unzake wa chizindikiro chotembenuka, ndipo mizuyo ili m'polinomiyo yothandizira imene imawerengedwa kuchokera pa mzere wa pamwamba pake. Mzere wa `s²` uli ndi 7 ndi 70, ndipo popeza mapawa amadumpha imodzi, polinomiyo yothandizira ndi `7s² + 70`. Ikafanizidwa ndi ziro imapatsa `s² = −10`, kutanthauza `s = ±j3.16`. Mizu iwiriyi ili pa mzere wapakati penipeni, choncho valavu imagwedezeka osakula, osachepa, pa liwiro la maradiyani 3.16 pa sekondi, ulendo umodzi wopita ndi kubwera ukutenga pafupifupi masekondi awiri. Nambala imeneyi ingayerekezedwe ndi makina enieni. Ngati valavu yeniyeni yayamba kugwedezeka pa liwiro losiyana kwambiri ndi limeneli, ndiye kuti masamu ofotokoza motayo aphonya china chake.

Pofuna kumaliza tebulo, mzere wa maziro umalowedwa m'malo ndi makoefishenti a direvativu ya polinomiyo yothandizira: koefishenti iliyonse imachulukitsidwa ndi pawa yake, pawayo n'kutsika ndi imodzi. `7s² + 70` imapatsa `14s`, ndipo kolamu yoyamba imakhala 1, 7, 14, 70. Chizindikiro sichinasinthe, kumanja kulibe muzu, koma makinawa sangatchedwe okhazikika chifukwa kugwedezeka kwake sikutha. Pali msampha wina pano. Mizu ya pa mzere wapakati ikakhala yobwereza, monga `(s² + 1)²` akakhala chidutswa cha polinomiyo, kugwedezeka kumakula ndi nthawi ngakhale kolamu yoyamba isasinthe chizindikiro. Chochenjeza chake ndi mzere wachiwiri wa maziro umene umatulukira m'munsi mwa woyamba. Ndiponso si mzere wa maziro uliwonse umene umatanthauza mizu ya pakati: mizu monga 3 ndi −3 imaupanganso, koma apo kusintha kwa chizindikiro kumaoneka m'munsi mwake.

Kukhazikika kokha sikukwanira

Malire a 0 mpaka 70 asamamvedwe ngati chilolezo chosankha nambala iliyonse ya pakatipo. Pa `K = 60` kolamu yoyamba ndi ya pulasi yokhayokha, koma mizu iwiri ili pafupi ndi `−0.09 ± j3`, kufupi kwambiri ndi mzere wapakati. Valavu yotere ikalamulidwa kusuntha, kugwedezeka kwake kumatenga pafupifupi masekondi 8 kuti kutsike ndi theka. Tebulo silinena zimenezi. Kwa ilo `K = 5` ndi `K = 69` n'chimodzimodzi.

Komabe lingafunsidwe funso lokhwimirapo. Ngati chofunika n'chakuti mizu yonse ikhale kumanzere kwa −0.5, kuti kugwedezeka kuzitsika ndi theka m'masekondi osapitirira 1.4, amaika `s = z − 0.5` m'polinomiyo n'kuitambasula. Kutero kuli ngati kusuntha mzere wapakati kupita kumanzere ndi theka.

```
z³ + 5.5z² + 3.75z + (K − 3.375)
```

Lamulo la digiri 3 likufuna kuti `K − 3.375` akhale pamwamba pa ziro koma pansi pa 5.5 kuchulukitsa ndi 3.75, yomwe ndi 20.625. Malire atsopano ndi 3.375 mpaka 24, gawo laling'ono la malire oyamba aja. Wina akafuna kuti mizu yonse ipitirire −1, kuika `s = z − 1` kumapatsa `z³ + 4z² − z + (K − 4)`. Koefishenti ya `z` ndi ya mainasi ndipo mulibe `K` mmenemo, choncho palibe `K` aliyense amene angakwaniritse zimenezo. Yankho lotere limauza injiniya kuti asiye kusinthasintha nambalayo, afune chowongolera cha mtundu wina kapena mota yofulumirirapo.

Pamene tebulo limanamiza kapena siligwira

Tebulo limanena zoona za polinomiyo imene lapatsidwa, osati za makina amene ali pa benchi. Polinomiyo imachokera ku masamu amene amayesa kuti chotuluka chimakula molingana ndi cholowa, ndiponso kuti makoefishenti sasintha ndi nthawi. Mota yeniyeni ili ndi malire a mphamvu, magiya ake ali ndi mpata, ndipo mafuta akazizira amalimba. Yankho la tebulo limagwira pa kusuntha kwakung'ono pafupi ndi malo amene masamuwo anawerengedwera.

Kuchedwa kwa uthenga ndi vuto lalikulu kuposa mmene limaonekera. Muyeso wa sensa ukamafika patapita nthawi `T`, m'masamu mumalowa `e^(−sT)`, imene si polinomiyo, ndipo tebulo silingamangidwe mwachindunji. Amaiyerekeza ndi fulakishoni ya Padé. Pa kuchedwa kwa masekondi 0.1 fulakishoni yosavuta kwambiri ndi `(20 − s)/(20 + s)`, ndipo polinomiyo ya mota ija imakwera kufika pa digiri 4:

```
s⁴ + 27s³ + 150s² + (200 − K)s + 20K
```

Tebulo lake limatsitsa malire a pamwamba kuchoka pa 70 kufika pafupifupi 42. `K = 60`, amene poyamba anali wokhazikika, tsopano sali, chifukwa cha kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Kuchedwa kukakhala kwakukulu, kuyerekeza kotere sikudalirika, ndipo njira ya Harry Nyquist ya mu 1932, yoyang'ana mmene makina amayankhira kugwedeza kwa liwiro losiyanasiyana, ndiyo yoyenera.

Cholakwa china chimachitika tebulo lisanayambe n'komwe, pofafaniza zidutswa zofanana pamwamba ndi pansi pa fulakishoni. Chipangizo chikakhala ndi `(s − 1)` pansi, chimene ndi muzu wa kumanja, wina angapange chowongolera chokhala ndi `(s − 1)` pamwamba ndi `(s + 3)` pansi kuti ziwirizo zifafanizane. Pa pepala pamatsala `s + 4`, yooneka yokhazikika. Polinomiyo yeniyeni, popanda kufafaniza, ndi `(s − 1)(s + 4)`, kapena `s² + 3s − 4`, ndipo mainasi wakeyo akuonekeratu. Kayendedwe kokula kaja kakadali m'chipangizomo ndipo kadzadzuka chikangokankhidwa pang'ono. Polinomiyo yopita m'tebulo iyenera kulembedwa chidutswa chilichonse chisanafafanizidwe.

Zowongolera za kompyuta, zimene zimayeza pa nthawi zoikika m'malo moyeza mosalekeza, zili ndi polinomiyo ya chilembo `z` imene lamulo lake ndi lina: mizu yonse iyenera kukhala mkati mwa bwalo la utali wa 1 kuchokera pakati, osati kumanzere kwa mzere. Kuika makoefishenti amenewo m'tebulo la Routh mwachindunji kumapereka yankho la funso lolakwika. Muzu wa `z = 0.5` uli kumanja koma ndi wokhazikika, pamene wa `z = −2` uli kumanzere koma si wokhazikika. Njira zilipo ziwiri: kugwiritsa ntchito tebulo la Eliahu Jury, lopangidwira bwalolo, kapena kuika `z = (1 + w)/(1 − w)`, kumene kumasandutsa mkati mwa bwalo kukhala mbali ya kumanzere, kenako n'kumanga tebulo la Routh pa polinomiyo ya `w`.